N'chifukwa chiyani tchipisi changa chimatuluka cholobodoka?

"Ndimakazinga tchipisi kunyumba m'poto momwe ndimathiramo mafuta malita 2. Ndimasenda mbatatesi yokwana kilogalamu imodzi, n'kuithira yonse mafuta akatentha. Chimachedwa kupsa, ndipo chikapsa chimakhala cholobodoka, chomwa mafuta moti mbale imatsala ili noninoni. Nkhuku yopaka ufa nayonso imatero. Ndasinthapo mafuta koma palibe chasintha. Kodi vuto ndi mbatatesi kapena manja anga?" Watero mayi wina m'kalata yake.

Mayi, khazikani mtima pansi, manja anu alibe vuto, ndipo mbatatesiyo mwina ilibenso mlandu. Vutoli ndakhala ndikuliona kwa zaka zambiri pophunzitsa anthu kuphika, ndipo limatha tsiku lomwelo munthu akamvetsa chimene chikuchitika m'potomo. Mafuta anu amakhala otentha pa nthawi imene mukuthira mbatatesi, koma mbatatesiyo ikangolowa amazizira, ndipo moto umalephera kuwabwezera msanga pamene anali. Nthawi yonse imene akuvutika kutenthanso, chakudya chanu sichikukazingika, chikungofutika m'mafuta ofunda.

Tiyeni tiyambe ndi ntchito imene mafuta amagwira. Mbatatesi yaiwisi ili ndi madzi ambiri, pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a kulemera kwake. Madzi amawira pa madigiri 100, pomwe mafuta okazingira amafunika kukhala pakati pa madigiri 160 ndi 190. Chidutswa cha mbatatesi chikagwa m'mafuta otentha chotero, madzi a pamwamba pake amasanduka nthunzi nthawi yomweyo. Thovu limene mumaliona likutumphuka mozungulira chakudya si mafuta akuwira ayi, ndi nthunzi imene ikuthawa. Nthunziyo ikamatuluka mwamphamvu imakankha mafuta kuti asalowe, ndipo pamwamba pa chidutswacho pamauma n'kupanga khungu lolimba, lija limalira m'kamwa mukamakukuta. M'kati mumapsa ndi nthunzi yake yomwe, n'chifukwa chake tchipisi chabwino chimakhala chouma kunja koma chofewa ngati chophika m'kati.

Tsono mafuta akatsika kufika pa 120 kapena 130, nthunzi imatuluka mwaulesi. Khungu silipangika msanga, chidutswa chimakhalitsa m'poto, ndipo pamwamba pake pamakhala pofewa, pa timabowo tambirimbiri tosiyidwa ndi madzi amene atuluka pang'onopang'ono. Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa: mafuta ochuluka amene chakudya chimamwa salowa chili m'poto, amalowa mukachivuula. Chikayamba kuzizira, nthunzi ya m'kati imabwerera kukhala madzi, m'timabowo tija mumatsala mpata, ndipo mafuta amene amata pamwamba amayamwidwira m'kati. Chakudya chimene chakhalitsa m'mafuta ofunda chimavuulidwa chitakutidwa ndi mafuta ambiri, chifukwa mafuta ofunda ndi okhuthala ndipo sayoyoka msanga. Otentha bwino amakhala opyapyala ngati madzi, mukangotukula chipande amadontha n'kutha.

Tiwerengere limodzi poto wanuyo kuti muone kukula kwa nkhaniyi. Mafuta ndi opepuka kuposa madzi, choncho malita 2 amalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi magalamu 800. Komanso mafuta sasunga kutentha kwambiri ngati madzi, amasunga pafupifupi theka lake. Ndiye mwawatenthetsa kufika pa 180, n'kuthiramo kilogalamu yathunthu ya mbatatesi yozizira, yodzaza madzi. Kuti mbatatesi yonseyo ingofika pa madigiri 100, imafuna kutentha kokwanira kutsitsa mafuta anuwo ndi madigiri oposa 60. Apo sitinawerengere kutentha kofunika kusandutsa madzi kukhala nthunzi, kumene ndi kochuluka kuposa pamenepo. Moto wa pansi ukuthandiza ndithu, koma sitovu ya kunyumba singathamange liwiro limenelo. Mphindi ziwiri zisanathe, mafuta anu ali cha m'ma 120, ndipo amakhala pamenepo nthawi yaitali chifukwa kutentha kulikonse kumene moto ukubweretsa kukuthera kuwiritsa madzi a m'mbatatesi.

M'poto yemweyo thiranimo magalamu 300 okha, ndiye kuti mbatatesi ziwiri zapakatikati. Mafuta atsikabe, zimenezo sizilephereka, koma atsika ndi madigiri 20 kapena 30, ndipo pakapita mphindi zochepa ayambanso kukwera. Muyezo umene ndimaphunzitsa ndi umenewu: chakudya chisapitirire gawo limodzi pa magawo 6 a kulemera kwa mafuta. Ngati mulibe sikelo, maso akukwanirani. Zidutswa ziziyandama momasuka, chilichonse chizizunguliridwa ndi mafuta, ndipo mukatakasa ndi chipande zizisuntha popanda kukankhana. Mukaona zasanjikizana, zina zatulukira pamwamba pa mafuta, mwathira zambiri. Zidutswa zogundana zimafutana ndi nthunzi yawo, zimamatirirana, ndipo pamene zagundanapo pamatsala poyera ndi pofewa.

Ndikudziwa chimene chimabwera m'mutu pamenepa: kukazinga katatu kapena kanayi chinthu chimene chikanalowa kamodzi, nthawi yake ili kuti? Koma yang'anani wotchi tsiku lina. Kilogalamu yothiridwa kamodzi imatha kukhala m'poto mphindi 25 kapena kuposa isanasinthe mtundu. Kagulu kakang'ono kamapsa m'mphindi zosakwana 10. Kusiyana kwa nthawi yonse sikukhala kwakukulu monga momwe anthu amaganizira, ndipo mafuta otsala m'poto amakhala ambiri chifukwa sanapite m'chakudya.

Nayi njira imene ndingakulangizeni kuti muyese ndi kilogalamu yanuyo. Dulani mbatatesi mofanana, kunenepa kwake ngati sentimita imodzi. Kufanana n'kofunika chifukwa zoonda zimapserera zonenepa zisanapse. Tsukani m'madzi ozizira mpaka madziwo asiye kuoneka oyera ngati mkaka. Choyeracho ndi sitachi, ndipo ndi amene amamatitsa zidutswa. Kenako pukutani ndi nsalu yoyera, ndipo pano musachite ulesi. Yalani pansalu, phimbani ndi ina, sisitani mpaka dzanja likagwira lisanyowe. Madzi alionse otsala pamwamba amalanda kutentha kwa mafuta, amachititsanso mafuta kuthetheka n'kukuwotchani m'manja.

Gawani mbatatesiyo m'magulu atatu kapena anayi, ndipo mukazinge kawiri. Ulendo woyamba mafuta akhale pa 150 kapena 160 pamene mukuthira, ndipo akatsika musalole kuti apite pansi pa 140. Kagulu kalikonse kakhalemo mphindi 5 kapena 6. Cholinga apa si kufiiritsa, n'kupsetsa m'kati. Vuulani chimodzi, chisiyeni chizizire pang'ono, n'kuchifinya ndi zala: chiphwanyike mosavuta, koma mtundu ukhale wotuwa, wosasintha kwenikweni. Yalani pa waya kapena pa thireyi mosasanjikiza, chizizire mphindi 20 kapena kuposa. Pamene chikuzizira nthunzi imapitiriza kutuluka ndipo pamwamba pamauma. Ulendo wachiwiri kwezani mafuta afike pa 180. Tsopano kagulu kalikonse kangofuna mphindi 2 kapena 3, chifukwa madzi ambiri anatuluka kale ndipo mafuta satsika kwambiri. Ubwino wina wa njirayi ndi woti ulendo woyamba mutha kuuchita m'mawa, wachiwiri n'kuuchita anthu atakhala kale patebulo.

Pakati pa kagulu ndi kagulu dikirani. Apa ndi pamene ambiri amagwa ngakhale atagawa bwino chakudya chawo. Kagulu koyamba kamatuluka kokongola, kachiwiri kofooka, kachitatu kolobodoka, chifukwa chilichonse chalowa m'mafuta ozizira kuposa chinzake. Mukavuula, apatseni mafuta mphindi imodzi kapena ziwiri abwerere pamene anali, ndipo nthawi imeneyo muigwiritse ntchito kuwola tinyenyeswa totsala.

Nanga mudziwa bwanji kuti mafuta afika? Njira yodalirika ndi choyezera kutentha cha kukhitchini, chimene chimafika pa madigiri 200 kapena kupitirira. Ngati mumakazinga kawirikawiri, chipezeni. Nsonga yake ikhale pakati pa mafuta, isagunde pansi pa poto, chifukwa chitsulo chimatentha kuposa mafuta ndipo chingakunamizeni. Muzichiyang'ana makamaka mutathira chakudya, poti nambala yofunika kwambiri si ya poyamba, ndi ija mafuta amatsikirapo.

Ngati mulibe, pali zizindikiro. Viikani nsonga ya mthiko wouma m'mafuta. Pakapanda kuoneka kanthu, kapena pakatuluka kathovu kamodzikamodzi, sanafike. Tithovu tikamatuluka mosalekeza mozungulira mthikowo, mwayandikira. Kachidutswa ka buledi kamanena zoona kuposa mthiko: kakafiira bwino pakatha pafupifupi mphindi imodzi, mafuta ali pabwino; kakada m'masekondi 15 kapena 20, apyola; kakamira n'kukhala phee, dikirani. Musayese ndi dontho la madzi, limaphulika. Ndipo musadikire utsi. Anthu ena amati mafuta akafuka ndiye kuti apsa, koma mafuta oyengedwa bwino monga a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza amayamba kufuka atapitirira madigiri 200. Pamenepo ayamba kuwonongeka, ndipo chakudya chida kunja m'kati muli mwaiwisi.

Khutu nalonso ndi chida. Chakudya chikalowa m'mafuta oyenera, phokoso limayamba pompo, lamphamvu, losadukiza. Likayamba mwamphamvu kenako n'kufooka pasanathe theka la mphindi, thovu n'kukhala lalikululikulu lotuluka mwaulesi ngati phala likubwata, dziwani kuti mafuta agwa. Kwezani moto, ndipo ngati mwaona kuti munathira zambiri, vuulaniko theka, musachite manyazi. Phokoso limachepanso chakudya chikatsala pang'ono kupsa chifukwa madzi atha, koma apo mtundu umakhala utasintha kale ndipo zidutswa zimayandama. Ndicho chifukwa chake ndimakonda kukweza moto pang'ono ndisanathire, n'kuuchepetsa phokoso likakhazikika. Kukazinga n'kusintha moto nthawi ndi nthawi, si kuuika pamodzi n'kuchokapo.

Poto amathandizanso. Wochindikala, wolemera, amasunga kutentha m'chitsulo chake ndipo amabwezera mafuta akamatsika. Wopyapyala amatentha msanga n'kuziziranso msanga. Akhale wakuya, ndipo mafuta asapitirire theka lake. Ine ndimakonda gawo limodzi mwa atatu, chifukwa chakudya chikalowa thovu limakwera. Ngati mafuta muli nawo ochepa, tengani poto wocheperako kukamwa kuti mafutawo azame masentimita 5 kapena kuposa, n'kuchepetsanso chakudya cholowa nthawi imodzi.

Za nkhuku ija, mfundo ndi yomweyi koma pali kusiyana kumodzi. Chidutswa cha nkhuku cha fupa n'chonenepa, chimafuna mphindi 12 mpaka 15, ntchafu yaikulu nthawi zina kuposerapo. Mukachiika pa 190, ufa wa pamwamba uda nyama ya pafupa ikadali yofiira. Yambani pa 175, ndipo mafuta akatsika muwasunge cha m'ma 160. M'malita 2 anuwo muzilowa zidutswa zitatu kapena zinayi basi. Ipukuteni nyamayo musanaipake ufa, kung'unthani ufa wosamata, ndipo muisiye mphindi 10 kapena 15 kuti ufawo ugwire. Ufa woyoyoka ndi umene umakapserera pansi n'kudetsa mafuta. Nkhuku yowuma ndi chisanu cha mufiriji iyambe yasungunuka yonse, apo ayi mafuta agwa kwambiri ndipo m'kati simupsa. Pakati penipeni pa nyama, pafupi ndi fupa, pafike madigiri 75. Mukaboola pamenepo msuzi wake utuluke woyera, wopanda magazi. Pa nkhuku musanyengerere, yosapsa imadwalitsa. Tchipisi chogula chowumitsidwa kale ndi nkhani ina: chimenecho chimalowa chili chowuma choncho, koma timagulu take tikhale tocheperako, ndipo muyambe mwakung'untha tizidutswa ta ayezi.

Ntchito yabwino itha kuwonongeka m'mphindi zisanu zotsatira. Mukavuula, gwedezani chipande pamwamba pa poto masekondi angapo kuti mafuta adonthe akadali otentha, musanawapatse mpata wolowa. Yalani pa waya kuti mpweya uzidutsa pansi. Pepala lopukutira limayamwa mafuta ndithu, koma chakudya chikakhalitsa pamenepo, pansi pake pamanyowa ndi nthunzi, choncho chigubuduzenipo pang'ono n'kuchisamutsa. Musaunjike m'mbale yakuya, ndipo chonde musavindikire. Nthunzi ikasowa kotulukira imabwerera m'khungu lija mwalivutikirali. Ndaonapo tchipisi chabwino kwambiri chitatsekeredwa m'kontena kuti chisazizire. Potsegula, chivindikiro chili ndi madontho a madzi m'kati, tchipisicho chitagona chonse. Ngati mukufuna chidikire magulu ena, chiikeni pa waya mu uvuni wotentha pang'ono, cha pa madigiri 100. Mchere thirani mutavuula, chikadali chotentha, kutali ndi poto. Mchere umakoka madzi, umafulumizitsanso mafuta kuwonongeka.

Mwati munasintha mafuta koma sizinathandize, ndipo n'zomveka, chifukwa mafuta atsopano nawo amazizira chimodzimodzi. Komabe mafuta otopa ali ndi vuto lawolawo. Akada, akamanunkha moipa, akamanata m'mbali mwa poto, akamachita thovu losaphwa ngati la sopo, kapena akayamba kufuka pa moto umene kale sankafuka, atayeni. Oterowo amamatirira pachakudya ndipo chimatuluka chonona ngakhale mutasamala zonse. Kuti akhalitse, asiyeni azizire, asefeni, muwasunge m'botolo lotseka pamalo opanda dzuwa. Amene mwakazingira nsomba kapena nkhuku yopaka ufa amatopa msanga kuposa a mbatatesi.

Mukachita zonsezi tchipisi n'kumaderabe msanga chili chofewa, apo ndiye tingaloze mbatatesi. Imene yasungidwa mufiriji kapena pozizira kwambiri imasandutsa sitachi wake kukhala shuga, ndipo shugayo amapserera khungu lisanaume. Mitundu ina ndi yamadzimadzi mwachibadwa. Yabwino kukazinga ndi ija imati ikaphikidwa imafumbutuka ngati ufa. Yesani mtundu wina. Ndipo musathamangire kufiiritsa kwambiri poganiza kuti ndiye chiuma: vuulani chikafika pachikasu chagolide. Zakudya za sitachi zikapserera zimapanga mankhwala otchedwa akirilamaidi, amene akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti tizichepetsa.

Popeza ndakuuzani kuti muzikazinga pa moto wamphamvu, ndiyenera kukuuzaninso za ngozi yake. Poto wa mafuta sasiyidwa yekha, ngakhale kwa mphindi imodzi, makamaka pa nthawi ija mukudikira kuti atenthenso mulibe chakudya, chifukwa apo amakwera mofulumira. Chigwiriro chiloze kumbuyo, ana akhale kutali, ndipo chakudya muzichitsitsa pang'onopang'ono chakutali ndi inu, osachiponya. Chivindikiro chachitsulo chokwana bwino chikhale pafupi. Mafuta akayamba kufuka, zimitsani moto muwasiye azizire. Akayaka, musathire madzi zivute zitani: madzi amamira pansi, amasanduka nthunzi yochuluka kuwirikiza koposa 1,600, n'kuwaza mafuta oyakawo chipinda chonse. Zimitsani sitovu, vindikirani, ndipo musanyamule potoyo kapena kuvundukula mpaka atazizira. Moto ukagwira zinthu zina, tulutsani anthu onse, tsekani chitseko, itanani ozimitsa moto.

Mafuta akakutayikirani, ikani malo opsawo pa madzi ozizira oyenderera kwa mphindi 20, vulani mphete kapena chibangili pasanatupe, ndipo musapakepo mafuta, mankhwala otsukira mano kapena ayezi. Matuza musawaboole. Pitani kuchipatala msanga ngati bala ndi lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, ngati lili kumaso, m'manja, kumapazi kapena polumikizira mafupa, ngati khungu layera kapena lada ndipo silikumva kuwawa, komanso nthawi iliyonse imene wapsayo ndi mwana wamng'ono kapena munthu wokalamba.

Ngati tsiku lina mudzafuna kukazingira anthu ambiri, kapena kuyamba kugulitsa, poto wa malita 2 sadzakwanitsa ngakhale mutaleza mtima chotani. Pamenepo funsani kwa amene amaphika mochuluka kapena ogulitsa zipangizo za kukhitchini za makina okazingira okhala ndi chowongolera kutentha, ndipo funso lanu loyamba likhale loti amalowa mafuta malita angati, komanso amatenga nthawi yaitali bwanji kubwerera pa 180 mukathiramo chakudya. Koma pa chakudya cha banja lanu, ulendo ukubwerawu yambani ndi mbatatesi ziwiri zokha zopukuta bwino, ndipo mumvetsere phokoso lake kuyambira pothira mpaka povuula, kuti khutu lizolowere mmene mafuta otentha bwino amalirira.